Kalata ya mayi wamasiye ku kampani ya inshuwalansi: mapempho awiri m'kalata imodzi

Ntchito yanga ndi ya umkhalapakati pa nkhani za inshuwalansi ya zachipatala. Ndimathandiza anthu kusankha pangano, kulemba mafomu, ndiponso kutsatira ndalama zawo zikachedwa. Nkhani iyi ndi ya mayi wina wamasiye amene analembera kampani kalata yopempha zinthu ziwiri: kuti inshuwalansi ya banja lawo ipitirire, komanso kuti makileimu, ndiye kuti mapempho oti kampani ilipire ndalama za chithandizo, amene anali asanalipidwe pomwe amuna awo ankamwalira alipidwe. Mayina ndawachotsa, ndipo masiku ndikuwawerenga kuchokera pa tsiku la imfa. Manambala onse a masiku ndi a pangano lawolo. Pangano lina likhoza kunena zosiyana, choncho munthu aziwerenga lake.

Mmene pangano linalili

Malemuwo ndi amene anali mwini pangano. Analigula okha, sikuti linali la kuntchito, ndipo linali litakwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi popanda kudukiza. Pansi pawo panalembedwa akazi awo, mwana wamkazi wa zaka 19 ndi mwana wamwamuna wa zaka 11. Mayiwo ali ndi matenda a shuga, ndipo mnyamatayo ali ndi mphumu. Ndalama ya mwezi ndi mwezi inkadulidwa yokha ku akaunti ya malemu pa 1 mwezi uliwonse.

Mfundo zitatu za m'panganomo ndi zimene zinalamulira nkhani yonse. Yoyamba inati mwini pangano akamwalira, mkazi kapena mwamuna wotsalayo akhoza kulowa m'malo mwake osafunsidwanso mafunso a zaumoyo, bola apemphe pasanathe masiku 60 ndipo malipiro a mwezi asakhale atadukiza. Ina inati ndalama ya mwezi ikalephera kulowa, kampani imapereka masiku achisomo 30, ndipo akatha pangano limafa. Yachitatu inati kileimu iliyonse iyenera kufika ku kampani pasanathe masiku 90 kuchokera pa tsiku limene munthu analandira chithandizo.

Bambowo anamwalira pa 20 mwezi wa masiku 30, atagona m'chipatala kwa milungu iwiri. Pa tsiku la 8 achibale anakadziwitsa banki, ndipo banki inaimitsa akauntiyo monga mabanki amachitira akamva za imfa ya mwini wake. Pa tsiku la 11, lomwe linali pa 1 mwezi wotsatira, kampani inayesa kudula ndalama koma inabwerera. Uthenga wochenjeza unapita pa foni ya malemu, yomwe inali yozima m'dilowa. Pa tsiku la 14 mnyamata uja anabanika usiku, ndipo kuchipatala khadi lake linakanidwa. Mayiwo analipira ndi ndalama za m'thumba, akuganiza kuti khadi lakana chifukwa cha imfa ya bambo ake a mwanayo. Chifukwa chenicheni chinali ndalama ija yobwerera.

Kalata yoyamba

Pa tsiku la 16 mayiwo analemba kalata ya masamba awiri. Inali yaulemu, yomveka bwino, ndipo palibe chabodza chinalimo. Mutu wake unali wakuti "Za ndalama za malemu amuna anga zomwe sizinalipidwe". Tsamba loyamba lonse linafotokoza za matenda, za masiku a kuchipatala, ndi za ndalama zimene banja linawononga. Pempho lopitiriza inshuwalansi linabwera kumapeto, m'mizere iwiri yokha:

"Ndikupemphanso kuti ine ndi ana musatichotse, poti tilibe kwina kodalira pa za chipatala. Ndili wokonzeka kumalipira monga ankachitira malemu."

Ku makampani a inshuwalansi, makalata amagawidwa potengera mutu. Wogawayo ataona mawu akuti ndalama zosalipidwa, kalatayo anaitumiza ku nthambi ya makileimu. Anthu a kumeneko alibe mphamvu yosintha dzina la mwini pangano, ndipo si iwo amene amaona ngati ndalama ya mwezi yalowa. Iwo anayankha za mbali yawo yokha. Yankho lawo linafika pa tsiku la 29, litayamba ndi chipepeso, kenako n'kunena kuti sangapereke ndalama za malemu kwa wina aliyense asanaone kalata ya kukhoti yopatsa munthu mphamvu yoyang'anira chuma cha masiye. Za kupitiriza pangano sanatchulepo ngakhale liwu limodzi.

Mayiwo anamva kuti zonse zikudikira khoti. Munthu aliyense akanamva chomwecho. Anayamba kuyendera zikalata za kukhoti, zomwe zimatenga miyezi, ndipo anafika kwa ine pa tsiku la 33 kudzafunsa ngati ndingawathandize kufulumizitsa zimenezo.

Zimene ndinaona m'fayilo

Nditawerenga pangano ndi yankho la kampani, ndinaimbira a nthambi yoona za mamembala n'kuwafunsa funso limodzi: ndalama yomaliza inalowa liti? Atandiuza kuti ya mwezi umenewo inabwerera, zinaonekeratu kuti masiku 60 aja sanalinso ofunika kwenikweni. Masiku achisomo anayamba pa tsiku la 11, ndiye kuti akanatha pa tsiku la 41. Mayiwo ankadziona ngati ali ndi masiku 27 otsala, pomwe anali ndi 8. Ufulu wolowa m'malo mwa amuna awo ukanakhalapobe pa pepala mpaka tsiku la 60, koma pangano loti alowemolo likanakhala litafa kale.

Ndinawauza kuti, "Mayi, za kukhoti zija zisiyeni kaye sabata ino. Sizikukhudza khadi la mwana wanu. Chofunika lero ndi ndalama ya mwezi."

Iwo anafunsa kuti, "Nanga angalandire ndalama kwa ine, pomwe dzina lili pamenepo ndi la malemu?"

Angalandire. Kampani imafuna kuti ndalama ilowe pa nambala ya pangano, ndipo kawirikawiri siilabadira kuti yachokera m'thumba la ndani. Apa mpamene mapempho awiri aja amasiyanirana. Kupitiriza pangano ndi ufulu wa mayiwo eni ake, woperekedwa ndi panganolo kwa munthu wamoyo. Kalata ya kukhoti sikufunika, chifukwa palibe chuma cha malemu chimene chikugawidwa. Koma ndalama zobweza zimene malemu anawononga okha ndi gawo la chuma cha masiye, ndipo kampani ikazipereka kwa munthu wolakwika ikhoza kudzakakamizidwa kulipiranso kachiwiri. N'chifukwa chake a makileimu amaumirira zikalata. Sanalakwe pa zimene ananena. Cholakwa chawo chinali kusapititsa mizere iwiri yomaliza ija kwa anzawo a nthambi ina.

Kupitiriza pangano

Tisanalipire, panali funso loyenera kuliyankha moona: kodi kupitiriza n'kwabwinodi kuposa kugula pangano latsopano? Yankho silikhala inde nthawi zonse. Pangano limeneli linali ndi malire amodzi a ndalama pa chaka a banja lonse, ndipo matenda a malemu anali atadya pafupifupi 70 peresenti ya malirewo. Wolowa m'malo amatenga pangano mmene lilili. Mayiwo ndi ana awiri akanatsala ndi 30 peresenti yokha kwa miyezi isanu yotsala kuti chaka cha pangano chithe. Pangano latsopano likanayamba ndi malire athunthu.

Koma pangano latsopano limayamba ndi mafunso a zaumoyo komanso nthawi yodikira. Ku kampani imeneyi, matenda amene munthu walowa nawo salipiridwa m'miyezi 12 yoyamba. Shuga wa mayiwo ndi mphumu ya mnyamata zikanagwera m'gulu limenelo, kutanthauza kuti matenda awiri amene banjali limapitira kuchipatala mwezi ndi mwezi ndi omwe akanakhala kunja. Pa pangano lakale nthawi yodikirayo inatha zaka zisanu zapitazo. Nditayerekeza zimene atatuwa ankagwiritsa ntchito pa chaka, 30 peresenti ija inali yokwanira miyezi isanu, pokhapokha patagwa matenda aakulu. Ndinawauza za ngozi imeneyo poyera, ndipo iwo anasankha kupitiriza. Banja limene onse otsala ali athanzi likhoza kusankha mosiyana, ndipo sindingalitsutse.

Pa tsiku la 34 analipira kuchokera ku akaunti yawo, atalemba nambala ya pangano pa lisiti. Ndinawalangiza kulipira ndalama yonse yakale, kuphatikizapo gawo la malemu, ngakhale kuti zinkaoneka zopweteka kulipirira munthu amene kulibe. Chifukwa chake n'chakuti kompyuta ya kampani inali ikudikirabe ndalama yakaleyo. Munthu akachotsa yekha gawo limene akuganiza kuti ndi la malemu, kompyuta imaona ngati walipira moperewera, ndipo malipiro operewera saimitsa masiku achisomo. Ndi bwino kulipira mopyola n'kupempha kuti yotsalayo aiwerengere mwezi wotsatira.

Tsiku lomwelo tinalemba kalata ina, yopita kwa mkulu wa nthambi ya mamembala. Inali yaifupi dala:

"Okondeka Bwana,

PEMPHO LOLOWA M'MALO MWA MWINI PANGANO AMENE WAMWALIRA

Ine ndine mkazi wa malemu mwini pangano la nambala ili pamwambayi, ndipo ndinalembedwa pansi pake kuyambira pomwe pangano linayamba. Amuna anga anamwalira pa tsiku lolembedwa pa satifiketi ya imfa yomwe ndaphatikiza.

Potsatira mfundo ya m'pangano yokhudza imfa ya mwini wake, ndikupempha kuti ndikhale mwini pangano kuyambira tsiku lotsatira imfayo, ndipo ana awiri akhalebe pansi panga popanda kudukiza, popanda mafunso atsopano a zaumoyo, komanso popanda nthawi ina yodikira.

Ndalama ya mwezi uno inabwerera chifukwa banki inaimitsa akaunti ya malemu. Ndalipira lero yonse, ndipo lisiti ndaliphatikiza. Chonde lekani kudula ku akaunti ya malemu, ndipo mugwiritse ntchito fomu yatsopano ya kubanki yomwe ndasayina. Muwerengenso ndalama ya mwezi ya anthu atatu, ndipo yopyolayo ipite ku mwezi wa mawa.

Pempho ili ndinalilembanso m'kalata yanga yoyamba, yomwe munailandira kale. Ndikupempha yankho lolemba pasanathe masiku asanu, lotsimikiza tsiku limene pangano likupitirira. Za makileimu ndalemba kalata yapadera ku nthambi yake.

Ine wanu,"

Mawu akuti "kuyambira tsiku lotsatira imfayo" ndi amene ndinawateteza kwambiri. Kampani ikalemba kuti pangano likuyamba pa tsiku limene yavomera pempho, pamatsala mpata wa masiku opitirira mwezi pomwe banja linalibe inshuwalansi. Chithandizo cha mnyamata cha pa tsiku la 14 chikanagwera mu mpata umenewo, ndipo kampani ina ikhoza kunena kuti mpatawo ndi kudukiza, n'kuyambitsanso nthawi yodikira. Tinatchulanso kalata yoyamba ija kuti pakhale umboni woti pempho linafika kale, ngati pangadzabuke mkangano wa masiku.

Pamodzi ndi kalatayo tinapereka kope la satifiketi ya imfa lodindidwa ndi wolumbiritsa, chiphaso cha mayiwo, lisiti, fomu ya kubanki, ndiponso nambala yawo ya foni ndi imelo kuti mauthenga asapitenso pa foni yozima. Anatifunsa chikalata cha ukwati. Ndinawakumbutsa kuti kampaniyo inawalemba kale mayiwa ngati mkazi wa malemu ndipo yakhala ikulandira ndalama m'dzina lawo kwa zaka zisanu ndi chimodzi, koma poti chikalatacho chinalipo, tinangopereka osataya nthawi ndi kukangana. Kope la kalata linabwerera nafe lili ndi chidindo cha tsiku ndi siginecha ya wolandira. Kampani inayankha molemba pa tsiku la 39, kuvomera monga tinapemphera, ndipo makhadi atsopano anatsatira. Ndalama ya mwezi wina inali kudzafunika pa tsiku la 42, ndipo poopa kuti fomu ya kubanki ikhoza kuchedwa kuyamba kugwira ntchito, mayiwo analipiranso pamanja.

Makileimu

M'kalata yoyamba mayiwo anaphatikiza zonse n'kuzitchula kuti ndalama za malemu. Titayala mapepala pa tebulo, zinapezeka kuti zinali zinthu zinayi zosiyana, ndipo ziwiri zokha mwa izo ndi zimene zinkakhudzana ndi chuma cha masiye.

Bilu ya masiku omaliza kuchipatala ndiyo inali yaikulu kuposa zonse, ndipo ndi imene inkawasowetsa tulo chifukwa chipatala chinali chitayamba kuwaimbira. Bilu imeneyi siinkafuna kalata ya kukhoti m'pang'ono pomwe. Kampani inali itapereka chilolezo bambowo akugonekedwa, ndipo ndalama zinali zopita kuchipatala mwachindunji, osadutsa m'manja mwa banja. Ngongole ya kampani imabadwa pa tsiku la chithandizo. Ngati tsikulo pangano linali lamoyo, imfa yobwera pambuyo siifafaniza ngongoleyo.

Nanga inaima chifukwa chiyani? Nditapempha chifukwa cholemba, ndinaona kuti biluyo inali ndi mizere itatu ya tsiku lotsatira imfa. Iwiri inali ya mankhwala amene anaperekedwa usiku womaliza koma a ku nyumba ya mankhwala anawalowetsa m'kompyuta m'mawa mwake. Wachitatu unali wa kusunga thupi. Kampani italemba tsiku la imfa, kompyuta inaona chithandizo choperekedwa kwa munthu amene sanalinso membala, ndipo inaimitsa bilu yonse. Panalibe munthu amene anaikana. Inangokhala pa mndandanda wa zodikira kufufuzidwa, chipatala chikuganiza kuti kampani ikuchedwa, kampani ikuganiza kuti chipatala chitumiza yokonzedwa. Tinapempha akalaliki a kuchipatala kukonza masiku a mankhwalawo molingana ndi tchati cha anamwino, ndi kuchotsa mzere wa kusunga thupi, poti pangano limeneli silinkalipira zimenezo. Bilu yokonzedwa inalipidwa patapita milungu itatu.

Panatsala gawo la 10 peresenti limene pangano limasiyira membala. Mwa lamulo, ngongole ya munthu womwalira imakhala ya chuma chake, osati ya mkazi wake. Ndinawafunsa mayiwo ngati anasayinapo kanthu tsiku logoneka amuna awo. Anakumbukira kuti anasayina pepala pa windo lolandirira odwala osaliwerenga, poti maganizo anali pa wodwala. Pepalalo linali lolonjeza kuti chimene inshuwalansi siilipira adzalipira iwo. Choncho gawolo linali lawo, ndipo chimene tinatha kuchita ndi kugwirizana ndi chipatala kuti azilipira pang'onopang'ono.

Chinthu chachiwiri chinali kileimu imene malemu anatumiza okha asanagonekedwe, ya ndalama zomwe analipira pojambulitsa m'mimba. M'kompyuta ya kampani inkaoneka kuti inalipidwa pa tsiku la 12. Mayiwo sanaonepo ndalama iliyonse. Munthu akauzidwa kuti kileimu inalipidwa, afunse zinthu zitatu: tsiku, manambala anayi omaliza a akaunti, ndiponso ngati banki sinabweze. Apa manambalawo anali a akaunti ya malemu, ndipo a nthambi ya chuma atafufuza anapeza kuti ndalamayo inabwerera patapita masiku awiri n'kukhala m'gulu la ndalama zosowa mwini. A makileimu sanadziwe zimenezi chifukwa kwa iwo fayilo inali itatsekedwa. Mabanki ena amalandirabe ndalama zolowa mu akaunti yoimitsidwa. Zikatero ndalamayo siitayika, koma imatsekeka mmenemo mpaka woyang'anira chuma cha masiye atasankhidwa, ndipo kampani imakhala itamaliza mbali yake.

Chachitatu chinali malisiti awiri amene mayiwo anawapeza m'thumba la jekete la malemu, omwe sanatumizidwe konse. Apa panali tsiku lina lobisika. Lisiti loyamba linali la masiku 52 imfa isanachitike, ndiye masiku 90 ake akanatha pa tsiku la 38. Lachiwiri linali la masiku 75 imfa isanachitike, ndipo nthawi yake inali itatha kale pa tsiku la 15. Anthu ambiri amadikira kalata ya kukhoti asanatumize malisiti oterewa, poganiza kuti alibe mphamvu yotumiza. Kutumiza kileimu ndi kulandira ndalama zake ndi zinthu ziwiri. Masiku 90 amawerengera kutumiza. Tinadzaza fomu pa tsiku la 34 lomwelo, mayiwo n'kusayina dzina lawo ndi kulemba pambali kuti ndi mkazi wa malemu, ndipo tinaonjezera mzere woti za wolandira ndalama zidzatsatira.

Mlamu wawo wina anali atawalangiza kuti angosayina siginecha ya malemu n'kulemba tsiku lakale, kuti zisavute. Ndinawaletsa mwamphamvu. Kampani ili ndi satifiketi ya imfa komanso masiku amene bambowo anali chigonere. Fomu yonama ikagwidwa, si kileimu yokhayo imene imakanidwa. Mapangano ambiri amapatsa kampani mphamvu yothetsa inshuwalansi ya munthu wopezeka ndi chinyengo, ndipo zimene tinali kuvutikira kupulumutsa zikanatha pamenepo.

Lisiti loyamba linavomerezedwa. Lachiwiri linakanidwa chifukwa cha kuchedwa. Tinapempha kuti aliganizire mwachifundo, potchula kuti mwini wake anali wodwala kwambiri m'masiku otsiriza a nthawi yotumizira. Anakanabe, ati kwa milungu isanu ndi itatu yoyamba bambowo anali akuyenda ndipo anatumiza kileimu ina ija m'nthawi yomweyo. Lisitilo linalinso la mtundu wongolemba chiwerengero chonse, lopanda dzina la mankhwala kapena kalata ya dokotala. Ine ndinaona kuti kukanaku kunali kouma mtima, koma kunali mkati mwa pangano, ndipo sindinawalimbikitse mayiwo kukadandaula ku bungwe loyang'anira makampani a inshuwalansi pa nkhani imene mwayi wopambana unali wochepa chotero.

Chachinayi chinali chithandizo cha mnyamata cha pa tsiku la 14. Imeneyi sinali kileimu ya malemu ayi. Analipira ndi mayiwo, wodwala anali mwana wamoyo, ndipo pangano litapitirira kuyambira tsiku lotsatira imfa, mwini pangano pa tsiku la chithandizolo anali mayiwo. Tinadikira kalata yotsimikiza ya tsiku la 39, n'kuiphatikiza ku kileimuyo, ndipo ndalama inalowa mu akaunti yawo popanda funso lina. Tikanaitumiza kale, kompyuta ikanaikana chifukwa cha ndalama ya mwezi yobwerera ija, ndipo kutsegulanso kileimu yokanidwa n'kovuta kuposa kutumiza yatsopano.

Ndalama za chuma cha masiye

Zotsala zinali ziwiri: ndalama yojambulitsa m'mimba ija yomwe banki inabweza ndi ya lisiti lovomerezedwa. Izi ndi zimene kalata ya kukhoti inkafunikiradi. Koma makampani ambiri ali ndi malire a ndalama, ndipo zochepera malirewo amatha kupereka popanda kalata ya kukhoti. Sakonda kulengeza zimenezi, ndipo kalata yawo ya tsiku la 29 sinatchule. Munthu amayenera kufunsa yekha. Nditafunsa, ndalama ziwirizo pamodzi zinali pansi pa malirewo. Anafuna chikalata cholumbirira chonena kuti malemu sanasiye wilo ndi kutchula onse oyenera kulandira chuma chawo, chilolezo cholemba cha mwana wamkazi uja poti ndi wamkulu, ndi fomu imene mayiwo analonjeza kuti wina akadzabwera ndi ufulu woposa wawo, adzabweza ndalamazo ku kampani.

Fomu yomalizayi ndinawawerengera mawu ndi mawu. Ndalama zolandiridwa mwa njira imeneyi sizisanduka za mayiwo okha. Zimakhalabe za chuma cha masiye, ndipo ayenera kudzazionetsa pogawa. Ndinawafunsa mosapita m'mbali ngati malemu anali ndi ana ena kunja, kapena ngati pali mkangano uliwonse ndi akuchimuna. Anati ayi pa zonse ziwiri. Pakanakhala chikayikiro, ndikanawauza kuti adikire khoti, chifukwa kulumbira monama kuti palibe wina n'koopsa kwambiri kuposa kudikira ndalama zochepa kwa miyezi ingapo. Ndalamazo zinalowa patangodutsa miyezi iwiri ndi theka kuchokera pa imfa, zikalata za kukhoti zisanatuluke.

Pamene nkhaniyi ikanayenda mosiyana

Chikanakhala kuti inshuwalansiyi inali ya kuntchito, mwini pangano akanakhala olemba ntchito, osati malemu. Nthawi zambiri banja limachotsedwa kumapeto kwa mwezi wa imfa kapena pa tsiku limene olemba ntchito auza kampani, ndipo kalata yoyamba imayenera kupita kwa oyang'anira antchito, kufunsa ngati pangano la gulu limalola banja kusamukira ku pangano laokha osayambanso nthawi yodikira. Makileimu a chithandizo cha imfa isanachitike amalipidwabe chimodzimodzi.

Chikanakhalanso kuti mayiwa anafika tsiku la 41 litadutsa, ndikanatsamira pa kalata yawo yoyamba. Inafika ku kampani pa nthawi yake, inanena poyera kuti ali okonzeka kulipira, ndipo kampani inayankha osawauza kuti ndalama ya mwezi yabwerera. Imeneyo ndi mfundo yolimba podandaula kwa akuluakulu a kampani kapena ku bungwe loyang'anira, koma dandaulo limatenga nthawi, ndipo m'nthawi yonseyo khadi la mwana wa mphumu likanakhala losagwira ntchito.

Panatsala nkhani ya mwana wamkazi. Pangano limalola mwana kukhala pansi pa kholo mpaka zaka 21, kapena 25 ngati ali pa sukulu. Mayiwo sankadziwa kuti mwanayo akadzapitirira zaka 21 padzafunika kalata ya kusukulu. Ndinailemba pa fayilo yawo pamodzi ndi tsiku limene chaka cha pangano chikutha, poti pa tsiku limenelo malire a ndalama adzayambiranso ndipo kampani idzawerengera ndalama ya mwezi potengera zaka za mayiwo monga mwini pangano.